Kuyendetsa kalakita osatelereka: kontakiti, pasing'i ndi hayi, kenako kumupatsa khalidwe

Ulendo woyamba kupanga woko saiko, animeshoni ya munthu woyenda yomwe imangobwerezabwereza, ndinajambula zithunzi 24 motsatana, kuyambira choyamba mpaka chomaliza, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti zitheka. Nditasewera, munthu wanga uja amayenda ngati ali pa sopo, mapazi akungotelereka, mutu uli phee pa mzere umodzi ngati amumangirira ku denga, ndipo pofika chithunzi cha 20 miyendo inali itatalika kuposa poyamba paja. Zojambulazo zinali bwino ndithu, chomwe ndinalakwitsa ndi ndondomeko yake. Kuyenda sitijambula motsatana ayi, timayamba taika mapozi akuluakulu, zotsalazo nkumadzaza pakati.

Ndiye tiyeni tipange limodzi. Titenge kalakita, kapena kuti munthu wojambulidwa, woyang'ana kumanja, tikumuonera chammbali, akuyenda pamalo amodzi osachoka, pa mafulemu, kapena kuti zithunzi, 24 pa sekondi. Kaya mukujambula pamanja mu Krita kaya muli ndi rigi, mafupa oyendetsera kalakita, mu Blender, manambala ake ndi omwewa.

Choyamba sankhani liwiro

Musanajambule kanthu dziwani kaye kuti sitepe imodzi itenga mafulemu angati. Munthu woyenda bwinobwino, wodziwa komwe akupita, amaponda kawiri pa sekondi, ndiye kuti sitepe imodzi ndi mafulemu 12, masitepe awiri 24, saiko yatha. Mukafika 16 ndi munthu wongoyenda mwachifatse, palibe chomuthamangitsa. Pa 8 ndi kuja kwa makatuni kofulumira, ndawala yeniyeni. Pa 24 ndi munthu wotopa kwambiri kapena gogo. Ife titenga 12.

Mapozi ake agwa chonchi: kontakiti pa fulemu 1, dauni pa 4, pasing'i pa 7, hayi pa 10, kontakiti ya mwendo winawo pa 13. Kenako 16, 19, 22, ndipo 25 ndi chimodzimodzi fulemu 1.

Kwa ojambula pamanja, 12 imavutako pang'ono chifukwa pakati pa pozi ndi pozi pamatsala zithunzi ziwiri, ndiye umayenera kugawa mpata patatu, zomwe diso silizikonda. 16 imagawika pawiripawiri bwinobwino, mapozi nkugwa pa 1, 5, 9, 13 ndi 17. Ngati ndi koyamba ndipo mukujambula ndi pensulo, palibe cholakwika kuyambira pamenepo.

Kontakiti

Jambulani kaye mzere wa pansi, ndi mzere wina pamwamba pa mutu woti muziyezera kukwera ndi kutsika. Musaiwale izi chonde, mizere iwiriyi ikupulumutsani kambiri.

Kontakiti ndi pomwe chidendene cha mwendo wakutsogolo changokhudza kumene pansi. Tinene kuti wakumanja ndiye uli kutsogolo. Mwendowo ndi wowongoka, zala zaloza mmwamba, koma thupi silinatsamirebe pa iwo. Mwendo wakumanzere uli kumbuyo, chidendene chadzuka, zala zokha ndiye zili pansi. Thupi lili pakati pa mapazi awiriwa, lapendekera kutsogolo pang'ono chabe. Mikono imasemphana ndi miyendo, mwendo wakumanja ukakhala kutsogolo ndiye kuti mkono wakumanzere ndiwo uli kutsogolo. Izi aliyense amazidziwa koma mudzadabwa kuti pofika fulemu 13 mwasokoneza, ndiye pakani mwendo ndi mkono wa mbali imodzi kala yosiyana mpaka mutamaliza.

Apa ndi pomwenso mukusankha kutalika kwa sitepe. Tinene masentimita 60 pa kalakita wa msinkhu wa munthu wamkulu: phazi lakutsogolo lili 30 kutsogolo kwa pakati pa thupi, lakumbuyo lili 30 kumbuyo. Sungani nambala imeneyi, tiyifunanso.

Chiuno nacho chimapotoka kutsatira mwendo womwe uli kutsogolo, mapewa nkupotokera kwina kutsatira mkono. Ndiye pa kontakiti msana umakhala ngati waufinya pang'ono. Mukasiya chiuno ndi mapewa zili gwa zoyang'ana kumodzi, mupeza bokosi lokhala ndi miyendo.

Mukamaliza fulemu 1, pangani fulemu 13 yomwe ndi pozi yomweyo koma miyendo ndi mikono zasinthana. Mu Blender, mu Pose Mode, mumakopa pozi ndi Ctrl+C nkuika yotembenuza ndi Ctrl+Shift+V, bola mafupa a rigi yanu akhale ndi maina othera .L ndi .R, apo ayi sizitembenuka. Fulemu 25 ingokopani fulemu 1 osasintha kanthu.

Pasing'i, pomwe pagona nkhani

Musathamangire fulemu 4. Dumphani mupite pakati, fulemu 7.

Apa mwendo wakumanja, uja unaponda, waima njo pansi pa thupi, phazi lonse lili pansi ndipo ndi lomwe lanyamula munthu yense. Wakumanzere wapinda bondo, ukudutsa pafupi ndi mnzakewo kupita kutsogolo, phazi lakwera pang'ono chabe, zala zikuloza pansi ngati zikutsalira mmbuyo. Mikono yonse ili chapafupi ndi thupi. Chifukwa choti mwendo wonyamulawo wawongoka pansi penipeni pa chiuno, thupi limakwera pang'ono kuposa pa kontakiti, tinene sentimita imodzi kapena awiri.

Chomwe ambiri amaiwala chimaoneka mukamuyang'ana kalakita chakutsogolo. Munthu akaima ndi mwendo umodzi, chiuno chimasunthira pamwamba pa phazi lomwe lili pansi, apo ayi agwa. Komanso mbali ya chiuno yomwe mwendo wake uli mmalere imatsika pang'ono poti palibe choichirikiza, mapewa nkupendekera mosemphana kuti mutu ukhalebe chilili. Dzukani pampandopo muyese, imani ndi mwendo umodzi mutagwira mchiuno, mumva nokha. Ojambula chammbali chokha angathe kungokweza pang'ono mbali imodzi ya chiuno, koma a mu Blender mukapanda kusuntha chiuno uku ndi uku kalakita wanu aoneka wopepuka ngati pepala.

Ine pozi imeneyi ndimaitenga ngati mwini wake wa woko yonse. Makontakiti awiri aja amangokuuza kuti sitepe ndi yaitali bwanji komanso ikutenga nthawi yotani, koma njira yomwe munthu wadutsa pochoka pa sitepe ina kupita pa ina ili pa fulemu 7. Tibwererakonso pamenepa.

Pakadali pano sewerani mapozi atatu okhawa, 1, 7, 13. Ngati kuyenda sikukuoneka panopa, kuwonjezera zithunzi sikukonza kanthu.

Dauni ndi hayi

Mutu wa nkhaniyi wangotchula mapozi atatu koma dauni simungaithawe, hayi popanda dauni ilibe pochokera. Pa fulemu 4 phazi lakumanja lagwa lonse pansi, bondo lapinda kulandira kulemera kwa thupi, ndipo apa ndi pomwe mutu watsikitsitsa, tinene masentimita 3 pansi pa mzere uja. Phazi lakumbuyo likungonyamuka kumene. Mikono imatambasuka kwambiri pano osati pa kontakiti, imachedwa pang'ono chifukwa ikungokokedwa ndi mapewa. Ndipo phazi lisatsike mwaulesi, kuchoka pa chidendene kufika phazi lonse pansi ndi fulemu imodzi kapena awiri basi, phwa! Mukalitsitsa pang'onopang'ono zimakhala ngati akuponda mazira.

Hayi ili pa fulemu 10. Mwendo wakumanja tsopano uli kumbuyo kwa thupi, chidendene chadzuka, munthu akudzikankha ndi zala, thupi lakwera kufika pamwamba penipeni, masentimita 3 pamwamba pa mzere. Mwendo wakumanzere bondo lili kutsogolo, phazi likutambasuka kukafuna pansi. Thupi lapendekera kutsogolo kuposa paliponse, ndipo mukaiyang'ana payokha pozi imeneyi munthuyo akuoneka kuti agwa chafufumimba. Zikuyenera kutero. Akugwadi, kungoti pa fulemu 13 chidendene chimuwakha.

Mukalumikiza nsonga ya mutu pa mapozi onsewa mupeza mzere wofanana ndi funde: 0, kutsika 3, kukwera 1, kukwera 3, kubwerera 0. Manambalawa ndi poyambira chabe, makatuni amawonjeza kwambiri kuposa apa. Mu Krita yatsani Onion Skins, yomwe imaonetsa zithunzi zoyandikana mozilala, muone ngati fundelo lili losalala, pakakhala kona yakuthwa mutu uzinjanja ngati wadzidzimuka.

Masamu a phazi lapansi

Apa ndiye pamagwa anthu ambiri, ineyo ndinakhalapo sabata yathunthu. Kalakita akamayenda pamalo amodzi, phazi lomwe lili pansi liyenera kubwerera mmbuyo pa liwiro limodzi losasintha, chifukwa likuimira nthaka yomwe ikudutsa. Sitepe yathu ndi masentimita 60 pa mafulemu 12.

```
60 / 12 = 5
```

Ndiye fulemu iliyonse phazi libwerere masentimita 5, osaposa osachepa. Pa fulemu 1 lili 30 kutsogolo, pa 4 lili 15, pa 7 lili pakati penipeni, pa 10 lili 15 kumbuyo, pa 13 lili 30 kumbuyo. Ikani timadontho 13 totalikirana mofanana pa mzere wa pansi uja muzitsata timeneto. Chenjezo laling'ono, poyamba chomwe chagwira pansi ndi chidendene koma chidendene chikadzuka chomwe chagwira ndi zala, ndiye kumapetoko muzitsata zala, zisasunthe molakwika pomwe phazi likupindika.

Mu Blender vuto limabwera chifukwa makiyi, timadontho tosunga pozi pa fulemu, amakhala pa Bezier, kutanthauza kuti chinthu chimanyamuka pang'onopang'ono nkukaimanso pang'onopang'ono. Zimenezo ndi zabwino pa mkono, pa phazi lapansi ndi poizoni. Lowani mu Graph Editor, sankhani makiyi a phazi a nthawi yomwe lili pansi, dinani T musankhe Linear, mzere wake ukhale wowongoka tswii. Phazi lomwe lili mmalere ndiye lisiyeni, limanyamuka mwaulesi, kuthamanga podutsa pakati, nkubweza liwiro pofika kutsogolo.

Kuti mudziwe ngati zatheka, musunthireni kalakita yense kutsogolo masentimita 120 pa mafulemu 24, pa Linear, muike kabokosi pansi pafupi ndi phazi. Phazi likaponda liyenera kukhala duu pambali pa kabokosiko mpaka litanyamuka. Likamasuntha olo pang'ono ndiye kuti liwiro la thupi ndi la phazi sizikugwirizana.

Zina ziwiri zofulumira. Mukamasewera lupu, thetsani pa fulemu 24 osati 25, chifukwa 25 ndi 1 ndi pozi imodzi, ikaoneka kawiri kalakita amadodoma kamodzi pa saiko iliyonse. Chachiwiri ndi bondo lomwe limachita tha mwadzidzidzi pa kontakiti. Zimachitika mwendo ukawongoka mpaka mapeto pa rigi, ndiye fulemu imodzi uli wopinda, inayo uli ndodo. Tsitsani chiuno pang'ono kapena fupikitsani sitepe, bondo likhale ndi kakupinda kochepa nthawi zonse.

Tsopano timupatse khalidwe

Zomwe tapangazi ndi kuyenda kwa munthu wopanda nkhani, alibe ngongole alibe chibwenzi. Sungani fayiloyo, pangani kope, ndipo pa kopeyo musakhudze makontakiti. Sinthani fulemu 7 ndi 19 zokha kaye muone zomwe zichitike.

Yesani ichi: pa pasing'i tsitsani thupi mmalo molikweza, bondo lonyamula lipinde, msana uwerame, mutu uzyolike, phazi lodutsalo lisakwere nkomwe, zala zizikhwekhwereza pansi. Sewerani. Munthu yemwe uja tsopano watopa kapena zamukanika kwinakwake, pomwe sitepe ndi yomweyo, nthawi ndi yomweyo. Kenako bwezani, pa pasing'i yomweyo kwezani bondo lodutsalo mpaka chamchiuno, chifuwa panja, chibwano mmwamba, zigongono zitalikire thupi. Wasanduka munthu wodzimva, wa matama, kaya msilikali pa perete. Mwasintha zithunzi ziwiri zokha. Nchifukwa chake ndimati musamataye nthawi kukongoletsa kontakiti mukadali osaganiza kuti pakatipo adutsa bwanji.

Mukakhutira ndi pasing'i, dauni ndi hayi zimangotsatira, kenako ndiye mukhudze nthawi ndi kutalika kwa sitepe. Tiyeni timalizitse wotopa uja. Sitepe itsike kuchoka pa 60 kufika 40, mafulemu akwere kufika 20 pa sitepe, ndiye phazi lapansi likubwerera masentimita 2 pa fulemu, masamu aja muwapangenso nthawi iliyonse mwasintha chimodzi mwa ziwirizi. Hayi yake ikhale yosaoneka kwenikweni poti alibe mphamvu yodzikankha ndi zala, amangodzikoka. Dauni ikhale yakuya ndipo achedwemo, ngati kuti sitepe iliyonse akuganiza zongokhala pansi pomwepo. Mikono isamagwedezeke yokha, izingolendewera, ndipo muichedwetse mafulemu awiri kapena atatu kumbuyo kwa thupi. Mutu nawonso uchedwe, thupi likafika pansi pa dauni mutu ufike pambuyo pake. Kachedwedwe kameneka ndi komwe kamapatsa diso chithunzi choti zinthuzi zikulemera.

Munthu wonenepa kapena chimphona ndi nkhani ina, ngakhale naye amachedwa. Iye mapazi amatalikirana mmbali, ndiye kusuntha kwa chiuno uku ndi uku kuja kumakula kwambiri, thupi lonse limayamba lasamukira pa mwendo umodzi winawo usananyamuke. Phazi silikhalitsa mmalere, limanyamuka mochedwa nkutera msanga, di! Kulakwitsa komwe ndimakuona kawirikawiri ndi kungotenga woko wamba nkuitalikitsa mafulemu, zotsatira zake ndi munthu woyenda mmadzi. Kulemera kumaoneka pa kusiyana kwa liwiro, kukwera movutikira kenako kugwa mofulumira.

Wosangalala amanjanja kawiri pa sitepe imodzi. Mmalo mwa funde limodzi lija, thupi limatsika pa fulemu 4, kukwera, kutsikanso pa fulemu 10, nkukweranso lisanafike kontakiti ina. Njira yosavuta ndi kuika makontakiti mmwamba, fulemu 4 pansi, 7 mmwamba, 10 pansi, 13 mmwamba. Pa mafulemu 12 zimathamanga ndithu, ngati zikuoneka ngati akunjenjemera pitani pa 16.

Wonyang'ama, uja wofuna kudutsa osamveka, amatembenuza lamulo la chidendene. Zala ndi zomwe zimayamba kukhudza pansi, thupi limatsalira kumbuyo pa mwendo wonyamula mpaka phazi lakutsogolo litatsimikiza kuti pali bwino, kenako nkusamuka mwachangu. Mpatseni mafulemu 24 kapena kuposa pa sitepe, ambiri mwa iwo athere pa kutsitsa phazi mosamala.

Koma yomwe imaphunzitsa zambiri ndi ya wotsimphina, chifukwa apa njira yokopa ndi kutembenuza pozi ija imatha ntchito. Tinene mwendo wakumanzere ndi wopweteka. Munthu safuna kukhalitsa pa mwendo wopweteka, ndiye mafulemu 24 aja sitigawa 12 ndi 12, tigawa 8 ndi 16. Wakumanzere waponda pa fulemu 1, pofika fulemu 9 wakumanja waponda kale kudzamulanditsa, ndipo wakumanjawo unyamula thupi mpaka fulemu 25. Tikati liwiro ndi masentimita 3 pa fulemu, sitepe yomwe mwendo wabwino ukuponya ndi 24 basi, pomwe ya mwendo wopweteka ndi 48. Zimadabwitsa poyamba eti, umaganiza kuti mwendo wodwala ndiwo uponye sitepe yaifupi, koma ayi, wabwinowo ndi womwe ukuthamangira kutera. Pa pasing'i yomwe thupi lili pa mwendo wopweteka, bondo lisapinde kwambiri, phewa ligwe, mikono itanuke pang'ono kufuna balansi, hayi palibe. Pa pasing'i inayo ndi pomwe munthu akupumira, thupi likwere bwinobwino, mwendo wopwetekawo udutse mochedwa, wouma, mwina mozungulira chammbali mmalo mopinda bondo.

Ngati simukutsimikiza kuti pozi ina ikhale bwanji, dzijambuleni vidiyo pa foni mukuyenda mmene mukufunira, foni ili chammbali pa msinkhu wa chiuno, nkumaiimitsa fulemu ndi fulemu. Muziwerenga mafulemu kuchoka pomwe chidendene chakhudza pansi kufika pomwe chinacho chakhudza. Kumbukirani kuti mafoni ambiri amajambula mafulemu 30 pa sekondi, ndiye mukawerenga 15 pa vidiyo, pa 24 ndi 12. Kuonera anthu enieni fulemu ndi fulemu kotereku sikwachilendo, Eadweard Muybridge anajambula anthu ndi nyama zikuyenda ndi makamera ondandalika mzaka za m'ma 1870 ndi 1880, ndipo opanga animeshoni amayang'anabe zithunzi zakezo.

Chomaliza choyesera, dzazani kalakita yense ndi kala yakuda, nkhope isaoneke, muitane munthu wina aonere lupu nkumufunsa kuti ameneyu akumva bwanji. Akayankha kuti "akungoyenda", tsegulani fulemu 7 muwonjeze zomwe munachita zija kawiri, chifukwa chomwe chimaoneka chokokomeza pa chithunzi choima chimadutsa pa sikirini mu kagawo kamodzi ka 24 ka sekondi. Mukawonjeza kwambiri nkosavuta kubweza, muzingochepetsa kupinda kwa msana ndi kukwera kwa bondo pang'onopang'ono, kenako mukonze fulemu 4 ndi 10 kuti zigwirizane ndi pasing'i yatsopanoyo.